Kalata ya nkongole imene imadzilemba yokha

Pa Chilenje pali ogulitsa mazira ndi buledi amene amapereka katundu kumalesitilanti a ku Kabwata ndi Woodlands, ndalama n'kubwera pambuyo. Mwezi ukatha mkangano sulephera. Wogula akuti analipira pa Airtel Money, buku la nkongole likukana.

Chothetsa mkanganowu ndi sitetimenti, pepala losonyeza nkongole yotsala ya mwezi watha, mainvoisi atsopano, zolipira ndi zimene zatsala. Invoisi, ngakhale ya Smart Invoice imene bungwe la ZRA linabweretsa mu 2024, imanena za malonda amodzi okha. Sitetimenti imatsata mwezi wonse.

Kuti izituluka yokha mu Excel, zonse zilembedwe patsamba limodzi. Tsiku lipite mu A, nambala ya kasitomala mu B, nambala ya invoisi kapena lisiti mu C, mtengo wa invoisi mu D, ndalama zolipira mu E. Patsamba lomwelo, mu G1, mulembe tsiku loyamba la mwezi. Nkongole yakale isalembedwe pamanja, iwerengeke motere:

```
=SUMIFS(D:D,B:B,"C014",A:A,"<"&G1)-SUMIFS(E:E,B:B,"C014",A:A,"<"&G1)
```

Apa kompyuta ikuphatikiza mainvoisi onse a kasitomala C014 a mwezi usanayambe, n'kuchotsapo zonse zimene analipira. Mizere ya mweziwo imakokedwa ndi FILTER, imene ili mu Excel 2021 ndi Google Sheets. Mukasintha tsiku la mu G1, sitetimenti ya mwezi wina yatuluka.

Tiyerekeze kuti C014 ndi lesitilanti ya ku Kabwata. Yalowa mu Marichi ili ndi nkongole ya K2,400. Pa 4 yatenga mazira a K1,800, pa 11 yalipira K2,400, pa 20 yatenganso a K1,500, ndipo pa 28 yatumiza K1,000. Yatsala ndi K2,300.

Nanga pepala likanena K3,300? Kawirikawiri K1,000 ija inachokera pafoni ya wantchito wa palesitilantiyo, ndipo wolemba, posalidziwa dzinalo, anasiya B osalembamo. SUMIFS sidandaula, imangoudumpha mzerewo. Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa, chifukwa pepala lotuluka m'kompyuta anthu amalikhulupirira kuposa buku, ndipo munthu amene analipira kale amakakamizidwa kulipiranso.

Masiku nawonso amapusitsa. Kompyuta yotsata kalembedwe ka ku America imawerenga 04/03 ngati pa 3 Epulo, invoisi n'kuthawira m'mwezi wina. Tsiku lokanirira kumanzere kwa kabokosi nthawi zambiri lalowa ngati mawu wamba, ndipo silidzawerengedwa.

Choncho musanatumize masitetimenti pa WhatsApp, phatikizani zotsala za makasitomala onse. Zifanane ndi D yonse kuchotsapo E yonse, malinga ngati za mwezi watsopano sizinalowe. Zikasiyana ndi K1,000, funani mzere wa K1,000 wopanda mwini, muuyerekeze ndi uthenga wa pafoni wa pa 28.