Masilaidi 20, mawu 250 okha

Wophunzira akamateteza kafukufuku wake wa digiri ya mastazi pamaso pa oyesa, masilaidi sagwira ntchito okha. Pakhoma pamaoneka girafu ndi timawu tinayi, zotsalazo amafotokoza mwiniwake ndi pakamwa, uku akuloza ndi chala. Chidule chimene chimaikidwa koyambirira kwa buku la kafukufukuyo, chija ophunzira amati abusitirakiti, chilibe mwayi umenewo. Chimawerengedwa mwini wake kulibe, ndipo ambiri ochiwerenga sadzatsegula n'komwe masamba otsatira. Chili ndi malirenso. Malamulo a kalembedwe a APA, omwe madipatimenti ambiri amatsatira, amati chisapitirire mawu 250, ngakhale kuti lamulo la sukulu yanu ndilo loyamba kulimvera.

Tiyerekeze wophunzira za ulimi amene anafufuza kasungidwe ka chimanga m'makomo 120, kufananitsa matumba osalowa mpweya a PICS ndi masaka wamba. Ali ndi masilaidi 20: umodzi wa mutu, anayi a chiyambi ndi vuto, anayi a zimene ena analemba kale, atatu a njira, asanu a zotsatira, awiri a malangizo, ndi womaliza wothokoza. Ambiri amayamba pa silaidi yoyamba n'kumatapa chiganizo chimodzi paliponse. Pofika pa zotsatira amapeza kuti mawu 180 apita kale pofotokoza kuti chimanga ndi chakudya chodalirika, nkhani yomwe wowerenga aliyense akuidziwa.

Ine ndimati muyambire pakati. Tsegulani masilaidi asanu a zotsatira aja, musankhepo ziwiri kapena zitatu zimene zikuyankha funso la kafukufuku, ndipo muzipatse mawu pafupifupi 90. Njira itenge 60: ndani, angati, kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, munayeza chiyani. Vuto likwane m'mawu 40, cholinga 25, ndipo 35 otsalawo anene tanthauzo la zimene mwapeza. Masilaidi a zolemba za ena ndi wothokoza uja asalowemo n'komwe.

Povuta penipeni ndi pa girafu. M'chidule simulowa chithunzi, simulowa tebulo, ndipo simunganene kuti onani tsamba lakutilakuti. Wophunzira wathu akhoza kulemba kuti: "Zotsatira za kafukufukuyu zasonyeza kuti pali kusiyana kwakukulu pakati pa matumba awiriwa." Ndi mawu 12 amenewo, koma wowerenga sanamve thumba limene lapambana, ngakhale kukula kwa kusiyanako. M'chipinda choyesera chiganizochi chinkamveka chifukwa girafu inali pakhoma. Tsopano ayenera kuwerenga girafuyo yekha n'kulemba chimene ikunena: "Patatha miyezi 6 nankafumbwe anaononga 3% ya chimanga m'matumba a PICS koma 28% m'masaka wamba." Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma taonani kuti pongoonjezera mawu atatu, mlangizi wa zaulimi wapeza choti akauze alimi. Ngakhale ambiri amalemba mabukuwa m'Chingerezi, msampha wake ndi womwewu.

Masilaidi amasowanso timawu tolumikiza ngati "chifukwa", "komabe" ndi "motero", poti timeneti mumatinena pakamwa. Mukangokopera mizere ya pa silaidi, chidule chimatuluka ngati mndandanda wa zogula kumsika. Timawuti musatiumire, ngakhale malo achepe. Kodula kulipo kwina: kubwereza mutu wa kafukufuku, ziganizo zoyamba ndi "kafukufukuyu anafuna kufufuza", ndi mayina ofupikitsidwa omwe mukuwatchula kamodzi kokha.

Powerenga mawu mu Microsoft Word, sankhani ndime ya chidule yokha, kusiya mutu ndi dzina lanu, kenako dinani Review ndi Word Count. Pulogalamuyi imawerenga potsata mipata, choncho `p < 0.05` ndi mawu atatu pomwe `p<0.05` ndi liwu limodzi. Mafomu ena otumizira pa intaneti amawerenga mosiyanako, ena amangokana kulandira mukapitirira, n'chifukwa chake ndi bwino kuima pa 240.

Pali ngozi ina yomwe imandidetsa nkhawa kuposa kuchuluka kwa mawu. Masilaidi anakonzedwa tsiku loteteza lisanafike, ndipo pambuyo pake oyesa amalamula zokonza. Mwina anati makomo 8 achotsedwe chifukwa mayankho ake anali osakwanira, ndiye 120 yasanduka 112, maperesenti nawo asintha. Wolemba chidule kuchokera pa masilaidi akale amaika nambala imene m'bukumo mulibe. Choncho nambala iliyonse ya m'chidule muisake m'buku lokonzedwalo pogwiritsa ntchito Ctrl+F, muione pa tebulo lake. Mukatero mupatse mnzanu amene sanakhalepo tsiku loteteza, awerenge kamodzi, akuuzeni funso, njira ndi yankho osayang'ana papepala. Pamene akakamire ndi pamene silaidi inkadalira pakamwa panu, ndipo chiganizo chimenecho muchilembenso musanapite nacho kwa supavaiza.