Chikombole cha chimangirizo: phunziro la Chilembwe pa tsamba limodzi

Mukafunsa mwana wa Fomu 4 za John Chilembwe, akuuzani nkhani yonse osapumira. Anapita ku Amereka ndi Joseph Booth mu 1897, anabwerako mu 1900 nakhazikitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, anaphedwa pa 3 Febuluwale. Zonsezi nzoona. Koma mwana yemweyo akakumana ndi funso la mayeso a MSCE lomuuza kuti afotokoze zifukwa zimene zinachititsa kuukirako, kawirikawiri amalemba mbiri yomweyi kuchokera kubadwa mpaka kumanda. Masamba amadzadza, malikisi osaoneka, chifukwa funso linafuna zifukwa ndipo iye wapereka nthano.

Vutoli limayambira m'makope a notsi. Notsi zimalembedwa motsata zaka, pomwe funso la chimangirizo limafuna mfundo zotsatana mwa kulemera kwake. Pamafunika chida chosinthira chimodzi kukhala chinzake, ndipo ine ndimachitcha chikombole. Woumba njerwa amadziwa kuti dothi ndi lake, koma chikombole ndicho chimapatsa njerwa maonekedwe oti nkumangira.

Kapangidwe kake nkosavuta. Tengani pepala, muligoneke chopingasa. Pamwamba lembani funso, ndipo pansi pake chiganizo chimodzi choyankha funsolo mwachidule. Kenaka jambulani mizere iwiri yotsika kuti pakhale madanga atatu. Danga loyamba ndi la mfundo, lachiwiri ndi la umboni, lachitatu ndi la funso lakuti "ndiye zinakafika bwanji pa kuukira?" Mzere uliwonse wopingasa udzasanduka ndime imodzi. Mizere inayi kapena isanu yakwana.

Tiyeni tidzadze mzere umodzi. M'danga loyamba mwana alemba mawu amodzi: thangata. Ambiri amathera pomwepa, nkulemba m'mayeso kuti anthu ankazunzidwa ndi azungu, mawu amene angakwane pa funso lililonse la nthawi ya atsamunda. Danga lachiwiri limakana zimenezo. Limafuna dzina, malo kapena chaka. Ndiye alembamo kuti minda ya A. L. Bruce ku Magomero, woyang'anira wake William Jervis Livingstone, anthu okhala pamindapo ankagwira ntchito m'malo molipira lendi ya malo, masiku a ntchitoyo ankawonjezeredwa, ndipo ambiri mwa iwo anali Alomwe ochokera ku Mozambique amene analibe kwina kolowera. Awonjezepo kuti matchalitchi amene anthu a PIM ankamanga pamindapo ankatenthedwa.

Danga lachitatu ndilo mtima wa chikombole, ndipo ndilo ana amalithawa. Apa sukopera m'buku, umaganiza wekha. Mwana alembe kuti mishoni ya Chilembwe inali pafupi ndi mindayo, ozunzidwawo ambiri anali akhristu ake, madandaulo awo ankafikira kwa iye, choncho atamema anthu panali kale gulu lokwiya lomumvera. Ndipo ali ndi chotsimikizira champhamvu: usiku wa kuukirako gulu lina linalunjika ku Magomero, ndipo Livingstone anali mmodzi mwa azungu atatu amene anaphedwa. Kumene anthu analoza mikondo kukusonyeza chimene chinkawawawa. Ndime yotere wochonga sangaidumphe, chifukwa yanena mfundo, yapereka umboni, yabwereranso ku funso.

Zifukwa sizilemera mofanana, ndipo chikombole chabwino chiyenera kuonetsa zimenezi. M'mphepete mwa mzere uliwonse mwana aike chizindikiro chosiyanitsa mizu ndi choyatsa moto. Kulandidwa kwa malo, thangata ndi msonkho wa nyumba ndi mizu, pakuti zinalipo kwa zaka zambiri anthu osaukira. Funso lanzeru ndi lakuti: nanga bwanji zinaphulika mu 1915, osati mu 1905? Yankho lili pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Mu Seputembala 1914 asilikali achikuda anafa pa nkhondo ya ku Karonga yolimbana ndi Ajeremani, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka akukhetsa mwazi pa nkhondo yosawakhudza. Boma linaitsekereza kalatayo. Mwana amene waika mzere umenewu pomalizira, ndi chizindikiro cha choyatsa moto, chimangirizo chake chimayenda chokha kuchokera ku mkwiyo wakale kufika pa tsiku lenilenilo.

Pa funso la zotsatira, chikombole nchomwecho, kungotembenuza danga lachitatu kuti lifunse kuti "kuukirako kunabala bwanji chimenechi?" Zotsatira zapafupi nzosavuta: otsatira Chilembwe ambiri anaphedwa kapena kumangidwa, tchalitchi chachikulu cha ku Mbombwe chinagwetsedwa, mishoni inatsekedwa mpaka 1926 pamene Dokotala Daniel Malikebu anadzaitsegulanso, ndipo boma linakhazikitsa bungwe lofufuza limene linatulutsa lipoti lake mu 1916.

Pa zotsatira zakutali mpamene ana amaterereka. Si zachilendo kuwerenga kuti kuukira kwa Chilembwe ndiko kunayambitsa mabungwe a anthu achikuda omenyera ufulu wawo. Mwana akakakamizidwa kulemba chaka m'danga la umboni, bodzalo limadziulula lokha, chifukwa bungwe loyamba lotere, North Nyasa Native Association, linakhazikitsidwa mu 1912, kuukirako kusanachitike. Mwana sabadwa mayi wake asanabadwe. Ndi chifukwa chake ndimaumirira kuti mzere uliwonse ukhale ndi chaka, ndipo asanayambe kulemba, wophunzira ayendetse chala: zifukwa zonse zikhale kumbuyo kwa Januwale 1915, zotsatira zonse kutsogolo kwake. Wina amalumpha nkunena kuti Chilembwe ndiye anabweretsa ufulu wa 1964. Pakati pake pali zaka 49, pali Nyasaland African Congress ya 1944, pali nkhondo yokana chitaganya. Chimene angateteze ndi chakuti omenyera ufulu a m'tsogolo anamutenga Chilembwe ngati chitsanzo cha kulimba mtima. Akalephera kudzadza danga lachitatu ndi chiganizo chomveka, mfundoyo aifewetse kapena aitaye.

Umboni nawonso uli ndi mwini wake. Kalata ya 1914 ndi mawu a Chilembwe mwini. Lipoti la 1916 linachokera ku boma limene iye ankalimbana nalo, komabe linavomereza kuti anthu ankachitidwa nkhanza pa minda ya Bruce, ndipo mdani akavomereza chinthu chomupweteka, umboniwo umalemera kwambiri. Kachilembo kamodzi pambali pa umboni, kosonyeza amene ananena, nkokwanira kumkumbutsa mwana zimenezi.

Chikombole chili ndi malire ake. Mphunzitsi akachidzadza yekha pa bolodi ana nkukopera, chasanduka notsi zina zoloweza, ndipo funso likapindidwa pang'ono, mwachitsanzo likafuna zifukwa zimene kuukirako kunalepherera, mwana adzalembabe za thangata. Funso limenelo limafuna mizere yatsopano: kulephera kulanda mfuti zokwanira ku sitolo ya Mandala ku Blantyre, kuchepa kwa anthu amene anadzuka naye m'maboma ena, ndi mphamvu za asilikali a boma. Choncho aphunzitsi, perekani madanga opanda kanthu, ana adzadze okha kuchokera m'makope awo, kenaka asinthane mapepala kuti mnzake afufuze mzere wopanda chaka kapena wopanda danga lachitatu. Achite zimenezi sabata iliyonse, mutu umodzi mafunso awiri osiyana, mpaka athe kujambula ndi kudzadza chikombole chonse m'mphindi zisanu asanalembe chiganizo choyamba.