Botolo Limodzi, Mitengo Itatu

Wogula akaona chiponde cha K4,500 pa WhatsApp, n'kufika pashopu n'kuuzidwa kuti ndi K5,200, saganiza kuti wina anaiwala kusintha chithunzi. Amaganiza kuti mukufuna kumubera. Mwina alipira tsiku limenelo poti wawononga kale ya kabaza, koma mawa akagula kwina. Zoterezi zimandiwawa chifukwa zimagwera anthu amene katundu wawo ndi wabwino ndithu, amene anakazinga mtedza mosamala ndi kuusinja mwaukhondo, koma mapepala awo akutsutsana okhaokha.

Vutoli lili ndi gwero lake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amalonda akhala akusintha mitengo pafupipafupi. Koma mtengo sukhala malo amodzi. Uli pamndandanda wa pakauntala, pakapepala kogawira anthu, pachikwangwani, pa Facebook, m'mawu amene munatumiza kuwailesi, ndiponso m'foni ya mnyamata wokasiya katundu m'magolosale. Mukasintha malo atatu, atatu enawo amapitiriza kulengeza mtengo wakale. Ndipo chilichonse chinalembedwa ndi munthu wina: lebulo anakonza wosindikiza wa m'tauni, za pa Facebook amalemba mwana wa eni bizinesi, mndandanda amalemba msungichuma.

Tiyerekeze kuti ku Mchinji kuli gulu la amayi lopanga chiponde, mafuta a mpendadzuwa ndi kuika uchi m'mabotolo, ndipo likukonzekera kukaonetsa malonda ake kuchionetsero cha zamalonda ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Mitengo ndikutchulayi ndi yongoperekera chitsanzo. Ntchito yoyamba si kukonza chilichonse ayi. Ndi kusonkhanitsa. Chilichonse chimene wogula angaone chibwere patebulo limodzi: malebulo, timapepala, mndandanda wa mitengo, buku la malisiti, chidindo, makalata opereka mitengo kwa ogula ambiri. Chikwangwani cha pamsewu muchijambule. Zimene zili pafoni muzijambulenso. Chilichonse muchipatse nambala, ndipo mulembe amene anachikonza ndi kumene kuli failo yake yoyambirira, chifukwa nthawi zambiri mudzapeza kuti failo ya lebulo ili kwa wosindikiza, inu mulibe.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amatenga pepala lililonse n'kuliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kupeza kuti lili bwinobwino. Inde lili bwino palokha. Cholakwacho chimaoneka pokhapokha mapepala awiri akayang'anizana. Choncho musawerenge pepala ndi pepala. Tsatani katundu mmodzi m'mapepala onse. Jambulani mizere m'kope, kapena tsekulani Excel ngati muli nayo. Mzere uliwonse ukhale malo amodzi amene katunduyo watchulidwa, ndipo mulembe nambala ya pepala, dzina monga momwe lalembedwera, kukula kwake, ndi mtengo. Kopani chilembo ndi chilembo. Dzanja limafuna kukonza pamene likukopa, koma mukalilola mwafufuta umboni umene mukufuna.

Amayi athu aja atatsata chiponde apeza izi. Palebulo palembedwa "Chiponde cha Mtedza", 500g, popanda mtengo. Pakapepala pali "Chiponde Chamtedza", 500gms, MK4500. Pa WhatsApp pali "chiponde cha ntedza", hafu kilo, K4,500. Pamndandanda wa pakauntala pali dzina la Chingerezi lokha, 450g, K5,200. Pakalata yopita kugolosale ina pali K4,700. Katundu ndi mmodzi, koma mayina anayi, mitengo itatu, ndipo kulemera kwake kwatchulidwa mitundu iwiri.

Tsopano si kusiyana kulikonse kumene kuli kolakwa, ndipo musathamangire kufananitsa zonse. K4,700 ya pakalata ija ikhoza kukhala mtengo wa opikula, amene amatenga katoni yathunthu. Ngati ndi choncho, nambalayo ndi yolondola. Cholakwa ndi chakuti kalatayo sinanene kuti mtengowo ndi wa ogula mabotolo 12 kapena kuposerapo. Amene bizinesi yawo inalembetsa msonkho wa VAT ayang'anenso ngati mtengo wina waphatikiza msonkhowo pamene wina sunaphatikize. Koma K4,500 ndi K5,200 kwa wogula botolo limodzi, pamenepo umodzi ndi wakale, ndipo wonena kuti wolondola ndi uti ndi amene amaika mitengo, osati amene akufufuza.

Nkhani ya 450g ndi 500g ndi yaikulu kuposa ya mtengo. Siithetsedwa ndi kukambirana kapena kuwerenga kuti mapepala ambiri akuti chiyani. Tengani mabotolo angapo odzaza, muwaike pasikelo, muchotsere kulemera kwa botolo lopanda kanthu ndi chivindikiro chake. Chotsalacho ndicho chiyenera kulembedwa. Lebulo ikanena 500g koma m'kati muli 450g, mwaugulitsa wogula magalamu 50 amene kulibe, ndipo imeneyo ndi nkhani imene bungwe loona za miyezo la MBS lili nayo chidwi, monganso bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula pa kutsatsa kosocheretsa.

Pauchi pali msampha wina umene anthu sauzindikira. Pepala lina limati 500ml, lina 500g, ndipo olemba amaona ngati ndi chimodzimodzi. Ndi madzi okha amene amatero. Uchi ndi wolemera: botolo la 500ml limatenga uchi wokwana pafupifupi 700g. Mafuta ophikira ndi opepuka: lita imodzi imalemera pafupifupi 920g. Ndiye wofufuza akangosintha ml kukhala g kuti mapepala afanane, wapanga bodza latsopano. Sankhani muyezo umodzi wa katundu aliyense, muutsimikize pasikelo kapena m'chikho choyezera, kenako muulembe paliponse.

Kalembedwe ka mawu ndi kopepukirapo, koma kamafuna chigamulo. Lamulo la kalembedwe ka Chichewa limati r amabwera pambuyo pa i ndi e, pamene l amabwera pena ponse, choncho timalemba "ophikira", osati "ophikila". Timalemba "mtedza", osati "ntedza". Koma pali zina zimene olemba abwino amasiyana, monga kuika kapena kusaika kachizindikiro pamwamba pa w m'mawu ngati "mpendadzuŵa". Pamenepo sankhani chimodzi. Ine ndingalangize bizinesi yaing'ono kusiya kachizindikiroko, chifukwa ambiri sakapeza msanga pafoni, ndipo mitundu ina ya zilembo za osindikiza ilibe, moti pamalo pake pamatuluka kabokosi. Musadalire kompyuta pano. Word imadula mzere wofiira pansi pa pafupifupi mawu onse a Chichewa, olondola ndi olakwa omwe, ndipo foni imasintha mawu mwakachetechete munthu akulemba.

Dzina la katundu lili ndi lamulo lakelake: litsate lebulo. Lebulo ndiyo yodula kusintha, ndiyo wogula amaigwira m'manja, ndipo ngati katunduyo ali ndi chiphaso cha MBS, dzina la pamapepala ena lisasiyane ndi la pachiphasocho.

Zigamulo zonsezi ndizo zimalowa m'pepala la kalembedwe. Likhale tsamba limodzi basi. Likafika masamba asanu palibe adzaliwerenge. Pamwamba pakhale dzina la bizinesi monga linalembetsedwera. Pansi pake dzina la katundu aliyense ndi kukula kwake, pambali pake mayina olakwa amene mwawapeza, kuti wolemba awazindikire: "Chiponde cha Mtedza, 500g, osati Chamtedza, ntedza, gms, hafu kilo". Kenako ndalama: K4,500, ndi K wamkulu, popanda mpata, ndi mpumiro wa masauzande, osati MK, osati 4.5. MK si wolakwa, koma simungagwiritse ntchito onse awiri. Kenako tsiku: 5 Marichi 2025, mwezi ulembedwe m'mawu, chifukwa 05/03 ena angawerenge kuti ndi Meyi. Pomaliza nambala za foni, ndi kunena momveka kuti ya Airtel Money ndi iti, ya Mpamba ndi iti. Nambala zimenezi musaziyang'ane ndi maso okha. Imbani iliyonse kuchokera papepala lililonse, chifukwa manambala awiri osinthana malo diso limawadumpha, koma ndalama ya wogula imapita kwa munthu wachilendo.

Chimene sichiyenera kulowa m'pepala la kalembedwe ndi mitengo yeniyeniyo. Pepalalo linene mmene mtengo umalembedwera, osati kuti ndi zingati. Mitengo ikhale pamndandanda umodzi wokha, wokhala ndi tsiku limene yayamba kugwira ntchito, wosungidwa ndi munthu mmodzi, ndipo aliyense wolemba zotsatsa akope kuchokera pamenepo, osati kuchokera pakapepala ka mwezi watha. Failo yake itchulidwe ndi tsiku, monga `mitengo_2025-03-05`, m'malo mwa mayina ngati "yatsopano" ndi "yomaliza" amene pakapita miyezi iwiri sathandiza aliyense. Pa chifukwa chomwechi, zinthu zokhalitsa monga chikwangwani, lebulo ndi nsalu yachionetsero zisakhale ndi mtengo. Utoto umakhala zaka. Mtengo sutha chaka.

Pokonza mafailo, `Ctrl+F` imathandiza kusaka mawu ndipo `Ctrl+H` imasintha. Sakani chiduswa cha mawu, monga `tedza`, kuti mugwire "mtedza", "ntedza" ndi "Chamtedza" nthawi imodzi. Koma batani la `Replace All` mulichenjere. Mlembi wa gulu lija akafuna kusintha 450 kukhala 500 m'chikalata chonse, kompyuta isinthanso MK4500 kukhala MK5000, ndipo nambala ya foni yokhala ndi 450 pakati pake ionongeka osaona aliyense. Sinthani malo amodziamodzi, mukuona. Dziwaninso kuti mawu amene ali m'chithunzi kompyuta siwapeza posaka m'chikalata wamba. Amenewo ndi a maso anu.

Yambani ndi zimene zingaluzitse munthu ndalama: nambala yolipirira, kulemera, mtengo. Mayina abwere pambuyo, kalembedwe ka mawu kumapeto. Timapepala 2,000 tolembedwa "ophikila" tikhoza kugawidwa mpaka titatha, n'kudzakonza posindikizanso. Koma tokhala ndi mtengo wakale kapena nambala yolakwa tichotsedwe lero, kapena timatidwe kapepala kolondola pamwamba. Zithunzi zakale za pa Facebook zichotsedwe kapena zilembedwe kuti mtengo unasintha, ndipo zatsopano zizikhala ndi tsiku, poti chithunzi cha pa WhatsApp chimayendabe m'magulu patapita miyezi.

Wosindikiza mumupatse pepala la kalembedwe pamodzi ndi ntchito yake, ndipo musalole kuti makina ayambe musanaone chitsanzo. Chitsanzocho chiwerengedwe ndi anthu awiri, wina akuwerenga mokweza, wina akutsata pamndandanda wa mitengo, ndipo wowerenga mokweza asakhale amene analemba. Ngati muli ndi bizinesi, sabata ino sankhani katundu amene mumagulitsa kwambiri, mumutsate m'mapepala anu onse, muone kuti ali ndi mayina angati ndi mitengo ingati.