Chikwapu cha maoda: kusintha pang'ono m'sitolo kumagwedeza fakitale yonse

Katundu asanafike m'manja mwa wogula amadutsa mwa anthu angapo. Mwini sitolo amaoda kwa wopikulitsa, wopikulitsa amaoda kufakitale, nayo fakitale imagula zipangizo kwa ena. Pa mndandanda umenewu pamachitika chinthu chodabwitsa. Ogula akangowonjezera pang'ono kagulidwe kawo, maoda amanka nakula akamakwera chakufakitale, ndipo pambuyo pake amagwa koopsa. Akatswiri a zamalonda anatcha mchitidwewu dzina la chikwapu chokusira ng'ombe, chifukwa dzanja likagwedeza chogwirira pang'ono chabe, kunsonga kumawuluka kutali.

Amene anayamba kulongosola vutoli mwadongosolo ndi Jay Forrester wa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, m'nkhani yake ya mu 1958 komanso m'buku la mu 1961. Dzina la chikwapu linatchuka m'zaka za m'ma 1990, akuluakulu a kampani ya Procter & Gamble ataunika malonda a matewera a Pampers. Makanda amagwiritsa ntchito matewera mofanana sabata ndi sabata, ndipo m'masitolo malonda sankasintha kwambiri. Komabe maoda ochokera kwa opikulitsa ankakwera ndi kutsika, ndipo maoda amene kampaniyo inkapereka kwa oigulitsa zipangizo ankagwedezeka kuposa pamenepo.

Chitsanzo cha makatoni a sopo chikhoza kuonetsa mmene zimayendera. Mwini sitolo amagulitsa makatoni 100 pa sabata. Kuti asagwidwe njakata, amasunga sitoko yokwanira malonda a sabata imodzi, ndipo amayerekeza kuti sabata ikudzayi idzafanana ndi imene yangothayi. Wopikulitsa ndi fakitale amatsata lamulo lomwelo. Malinga zinthu zili bata, aliyense amaoda 100 n'kusunga 100.

Tsono sabata ina ogula atenga makatoni 110. Mwini sitolo ayenera kubwezeretsa 110 amene atulukawo, komanso akufuna sitoko yake ikwere kuchoka pa 100 kufika pa 110. Choncho aoda 120. Wopikulitsa saona ogula, amangoona oda ya 120, ndipo kwa iye malonda akwera ndi 20. Abwezeretsa 120, awonjezera 20 pa sitoko yake, n'kuoda 140. Kufakitale alandira oda ya 140, aganiza kuti msika wakula ndi 40, ndiye apanga 140 kuphatikizapo 40 osunga, onse pamodzi 180. Makatoni 10 owonjezera a pakauntala asanduka 20, kenako 40, ndipo pomaliza 80.

Sabata yotsatira ndi imene imapweteka. Ogula atenganso 110, sanachepetse ngakhale katoni imodzi. Mwini sitolo, popeza sitoko yake yakwana kale, aoda 110 basi. Wopikulitsa aona oda itatsika kuchoka pa 120, azindikira kuti wasunga makatoni 10 osafunika, ndiye aoda 100. Fakitale, imene inakonzekera 140, ilandira oda ya 100 ili ndi makatoni 40 ongokhala m'nyumba yosungiramo katundu, choncho ipanga 60 okha. Sabata yachitatu ipanga 120, ndipo yachinayi ndi pamene ikhazikika pa 110. Ogula anasintha kamodzi kokha, koma fakitale yayenda kuchoka pa 100 kupita pa 180, kugwera pa 60, n'kukweranso pa 120.

Palibe amene wachita zopusa pamenepa. Aliyense wawerenga bwino manambala amene ali patsogolo pake. Cholakwika n'chakuti oda imanyamula zinthu ziwiri zosakanikirana, malonda enieni ndi kukonza sitoko, koma woilandira amaiwerenga yonse ngati malonda. M'moyo weniweni wopikulitsa amatumikira masitolo ambiri, ndipo kukwera kwa sitolo ina kumafafanizidwa ndi kutsika kwa inzake. Koma onse akakwera pamodzi, monga pa nyengo ya zikondwerero kapena alimi akangogulitsa mbewu, kugwedezeka kumafika kufakitale kosachepa.

Nthawi yodikira katundu ndiyo imakulitsa vutoli kwambiri. Katundu akamachedwa kufika, wamalonda amakakamizika kusunga sitoko ya masabata ambiri. M'chitsanzo chomwechi, aliyense atati azisunga ya masabata awiri, mwini sitolo angaode 130, wopikulitsa 190, ndipo fakitale ingapange 370, kenako sabata yotsatira makina n'kuima osapanga kanthu. N'chifukwa chake amalonda a m'mayiko opanda doko la panyanja ngati Malawi ndi Zambia, amene katundu wawo wambiri amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ayenera kusamala kuposa anzawo okhala pafupi ndi fakitale.

Mu 1997 Hau Lee, Padmanabhan ndi Seungjin Whang anafotokoza zifukwa zinayi zoyambitsa chikwapu. Choyamba ndi chimene chaoneka kale, kulosera malonda potengera maoda m'malo mwa kagulidwe ka anthu. China ndi kuoda mwa apo ndi apo: wopikulitsa amadikira kuti lole idzaze pofuna kupulumutsa ndalama za mayendedwe, ndiye fakitale imakhala masabata atatu osamva kanthu, kenako n'kulandira oda yaikulu kamodzi. Kutsitsa mitengo kwa kanthawi nakonso kumasokoneza, pakuti amalonda amagula wochuluka mtengo ukatsika n'kusiya kuoda mpaka atamaliza amene anaunjikayo.

Chifukwa chachinayi ndicho chovuta kuchithetsa, chifukwa chimachokera ku mantha. Katundu akasowa, fakitale imagawa molingana ndi maoda, mwina theka la zimene aliyense wapempha. Mwini sitolo wofuna makatoni 110 amaphunzira msanga kuoda 220, ndipo ena amaoda kwa opikulitsa awiri nthawi imodzi. Fakitale imaona maoda akuchuluka, imawonjezera antchito ausiku, imagula zipangizo zambiri. Katundu akangopezeka, maoda abodza aja amathetsedwa, ndipo makatoni amatsala ataunjikana. Ndalama zimamangika m'katundu wosayenda, ndipo ngati ndi chakudya kapena mankhwala, tsiku lake lothera ntchito limakwana ali m'nyumba yosungira.

Kudziwa ngati kampani ili ndi vutoli sikufuna zida zapamwamba. Munthu amalemba malonda a sabata iliyonse m'ndandanda umodzi, maoda amene anapereka m'ndandanda wina, kwa miyezi ingapo. Ngati malonda akusewera pakati pa 100 ndi 110 pamene maoda akusewera pakati pa 60 ndi 180, ndiye kuti kugwedezeka kukubadwira m'kaodedwe, osati kwa ogula. Chizindikiro china ndi kusinthana kwa kusowa kwa katundu ndi kuchuluka kwake pa chinthu chimene anthu amagula mofanana chaka chonse.

Mankhwala amphamvu ndi kuuza onse a pa mndandanda kagulidwe kenikeni ka pakauntala. Wopikulitsa wa m'chitsanzo chija akanadziwa kuti ogula atenga 110, akanazindikira kuti makatoni 10 mwa 120 aja ndi ongodzaza shelefu kamodzi. Procter & Gamble ndi masitolo a Walmart anatsata njira imeneyi, mpaka wopanga katundu n'kumaona yekha sitoko ya wogulitsa ndi kuibwezeretsa. Pa nthawi ya kusowa, kugawa katundu potengera zimene sitolo inagulitsa m'mbuyomo kumachotsa phindu la kukokomeza oda. Kuoda pang'onopang'ono koma pafupipafupi kumathandizanso, ngakhale kumakweza mtengo wa mayendedwe pokhapokha lole imodzi itanyamula katundu wa mitundu ingapo. Njira zonsezi zimachepetsa kugwedezeka koma sizikuthetseratu, popeza nthawi yodikira katundu imakhalapobe, ndipo amalonda ambiri safuna kuonetsa mabuku awo kwa munthu amene amakambirana naye mitengo.