Mwaona mnzanu akuchitiridwa nkhanza: muyambire pati?

Milandu yambiri ya nkhanza imafera m'njira chifukwa cha mboni. Anthu anaona, koma ikafika nthawi yolankhula, wina waiwala tsiku, wina akungoti "ndinangomva", wina wachita mantha. Ndiye tiyeni tione chimene munthu woona ndi maso angachite kuno ku Mwanza popanda kudziika pamoto.

Tiyerekeze kuti muli Folomu 3 pa sekondale yoyendera. Mwaona mphunzitsi akuitanira mnzanu wa zaka 16 mu ofesi ena ataweruka, ndipo tsiku lina mwamuona akumugwira m'chiuno, mtsikanayo n'kutuluka akulira. Musalimbane naye mphunzitsiyo, chifukwa ali ndi mphamvu pa malikisi anu. Chimene mungathe pomwepo n'kusokoneza mwaulemu: gogodani muti, "Odi sala, amayi ake akumufuna." Kuyambira tsikulo muziweruka limodzi, asamatsale yekha.

Mukakhala awiri, muuzeni mawu ochepa: "Ndaona, ndipo siwe wolakwa." Musamufunse chifukwa chimene analowera mu ofesimo. Funso lotere limamutseka pakamwa. Musamulonjezenso kuti simudzauza munthu, chifukwa lonjezolo simungalisunge. Nenani zoona, kuti nkhaniyi iyenera kufika kwa wamkulu, ndipo asankhe yekha amene akumukhulupirira.

Madzulo a tsiku lomwelo lembani, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike. Lembani tsiku, nthawi, malo, amene analipo ndi mawu amene munamva, monga momwe anatulukira mkamwa. "Lachiwiri cha m'ma 3 koloko ndinaona dzanja lake lamanja m'chiuno mwa mnzanga, chitseko chili chotseka pang'ono" ndi umboni. "Bambo uja ndi wachimasomaso, aliyense akudziwa" ndi mphekesera, ndipo loya wa woimbidwa mlandu adzakugwetsani nayo mosavuta. Zimene mnzanu wakuuzani zilembeni padera, musazisakanize ndi zimene mwaona. Ngati pali mauthenga a pafoni, asawafufute, koma musawamwaze m'magulu a WhatsApp. Kumwaza kumanyazitsa mnzanuyo kawiri, komanso kumachenjeza wolakwayo kuti abise umboni.

Tsono mukanene kuti? Kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo kwa munthu aliyense m'mudzi wodziwitsa mfumu, apolisi kapena a zachisamaliro cha anthu akakhulupirira kuti mwana akuzunzidwa. Pasukulu yambirani kwa mphunzitsi amene mumamukhulupirira, kwa ahedi kapena kwa amayi a m'madagulupu. Mukaona kuti masiku akungopita mtsikanayo asanafunsidwe, kapena mwauzidwa kuti "tikambirana ngati banja", dziwani kuti nkhani ikukwiriridwa. Pitani ku ofesi ya maphunziro kapena ya zachisamaliro cha anthu pa Boma, kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa. Kwa amene ali kutali, kwa Nthache kapena kwa Govati, ndipo alibe yokwerera kabaza, nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo 5600 ndi ya nkhanza zochitirana amuna ndi akazi.

Ngati zafika pogwiriridwa, chipatala chikhale choyamba. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, choncho thamangirani naye ku chipatala cha boma cha Mwanza asanasambe ngati n'kotheka, ndipo zovala zisachapidwe. Mlandu wotere si wa mbuzi kapena nkhuku pabwalo la mfumu. Ndi wa polisi ndi khoti.

Kuntchito zimasiyana pang'ono. Mnzanu wamkulu, kaya ndi m'sitolo pa Boma kaya mu ofesi ya kuchipata cholowera ku Zobue, ali ndi ufulu wosankha ngati akadandaule kapena ayi. Musamutsogolere. Muuzeni kuti munalemba zimene munaona ndipo mudzaima naye tsiku limene adzafune. Muuzeninso kuti lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Abwana akakhala kuti ndiwo olakwawo, dandaulo likhoza kupita ku ofesi ya zantchito, ku polisi kapena ku bungwe la boma loona za ufulu wa anthu.

Pokanena pitani awiri, lembani dzina la amene wakulandirani ndi tsiku, ndipo sungani pepala lanu lina kunyumba. Wina akakuopsezani chifukwa chochitira umboni, bwererani kupolisi tsiku lomwelo mukanene zimenezonso.