README: Fayilo Yomwe Mlendo mu Timu Amayamba Kutsegula

Munthu akangolowa kumene mu timu yolemba mapulogalamu a pa kompyuta, ntchito yake yoyamba siyikhala kulemba khodi. Amayamba ndi kutenga pulojekiti yomwe anzake akhala akuilemba kwa miyezi kapena zaka, kuiika pa kompyuta yake, n'kuidzutsa kuti iyambe kuyenda. M'matimu ena zimenezi zimatha tiyi asanazizire. M'matimu ena zimadya sabata yathunthu, mlendoyo akuzungulira m'madesiki kufunsa mafunso, eni ake akumuyankha mawu omwe aliyense pa ntchitoyi anawamvapo: "Koma pa kompyuta yanga ikuyenda bwinobwino." Kawirikawiri kusiyanako kumachokera pa fayilo imodzi yotchedwa README.

Dzinali ndi la Chingerezi ndipo limalamula munthu kuti aiwerenge. Amalilemba m'zilembo zazikulu, chizolowezi chakale chomwe chinkathandiza pa makompyuta a Unix, pomwe mayina a zilembo zazikulu ankabwera pamwamba pa mndandanda wa mafayilo. Lero ambiri amailemba ngati `README.md`, pogwiritsa ntchito Markdown, kalembedwe kosavuta komwe John Gruber anatulutsa mu 2004. GitHub, malo osungirako khodi pa intaneti omwe anatsegulidwa mu 2008, imaonetsa fayiloyi yokha patsamba loyamba la pulojekiti. Mmodzi mwa omwe anayambitsa GitHub, Tom Preston-Werner, analemba mu 2010 kuti README ndi bwino kuilemba khodi isanayambe n'komwe.

README zilipo zamitundumitundu. Ina imakopa anthu akunja kuti ayese pulogalamu. Yolembera anzako a mu timu siitsatsa malonda. Ntchito yake ndi kutenga munthu yemwe ali ndi kompyuta yopanda kanthu n'kumufikitsa poti pulogalamu ikuoneka pa sikirini yake, osafunsa munthu. Ndipo apa pali vuto lomwe limagwetsa ngakhale akatswiri. Wolemba README amakhala munthu yemwe kompyuta yake ili kale ndi zonse. Zina anaziika chaka chatha, usiku, akulimbana ndi vuto lina, ndipo anaiwala kuti anaziikapo. Zomwe waiwalazo ndi zomwe zimasowa mu fayiloyo.

Tiyerekeze timu yaing'ono yomwe ikulemba pulogalamu yowerengera katundu wa m'sitolo. Aigwiritsa ntchito Node.js, chida choyendetsera khodi ya JavaScript pa seva, ndipo nkhokwe yosungiramo mayina a katundu ndi mitengo yake, yomwe amaitcha detabesi, ndi PostgreSQL. Gawo loyamba la README yawo liyenera kutchula zomwe munthu akhale nazo asanayambe: Git yotengera khodi, Node.js, ndi PostgreSQL. Olemba ambiri amalekera pomwepa, pomwe chofunika kwambiri ndi nambala ya vesheni.

Chifukwa chake chinaoneka poyera mu Okutobala 2021, pomwe Node.js 17 inatuluka. Vesheni imeneyi inabwera ndi OpenSSL 3, yomwe inatseka njira zina zakale zosinthira uthenga kukhala manambala achinsinsi. Webpack 4, chida chomwe mapulojekiti ambirimbiri ankamangira masamba awo, inkadalira imodzi mwa njira zimenezo. Choncho munthu watsopano yemwe wawerenga kuti "ikani Node.js", n'kukatenga yatsopano kwambiri monga mmene aliyense angachitire, ankangoona uthenga wakuti `ERR_OSSL_EVP_UNSUPPORTED`. Mnzake wa pa desiki yoyandikana, yemwe anali adakali pa Node.js 16, sankaona vuto lililonse, khodi ili imodzimodzi. Mzere umodzi wonena kuti pulojekitiyi imafuna vesheni 16 ukanapulumutsa tsiku lonse. N'chifukwa chake matimu ambiri amalemba nambalayo mu kafayilo kotchedwa `.nvmrc`, kuti munthu yemwe ali ndi chida cha nvm angolemba lamulo limodzi n'kulandira vesheni yoyenera.

Zida zikakhalapo, pamabwera kukonza zosintha, ndipo gawo limeneli ndi lomwe limafuna mutu kwambiri. Pulogalamu imodzi yomweyo imayenda m'malo osiyanasiyana: pa laputopu ya wolemba, pa seva yoyeserera, ndi pa seva yeniyeni yomwe makasitomala amagwiritsa ntchito. Malo alionse ali ndi detabesi yake, pasiwedi yake, ndi makiyi ake olowera ku makampani ena, monga otumiza mauthenga a pa foni. Zinthu zoterezi sizilembedwa m'khodi. Mfundoyi inatchuka kudzera mu The Twelve-Factor App, malangizo omwe Adam Wiggins wa ku Heroku analemba cha mu 2011. Pa laputopu, chizolowezi ndi kuziika mu fayilo yotchedwa `.env`, yomwe imatchulidwa mu `.gitignore` kuti Git isaitumize kwa ena.

Ndiye taganizani: fayilo yomwe pulogalamu singadzuke popanda iyo ndi yomwenso mlendo salandira akatenga khodi. Njira yothetsera izi ndi kusunga chitsanzo chake, `.env.example`, chomwe chili ndi mayina onse koma chopanda chinsinsi chilichonse:

```
DATABASE_URL=postgres://localhost:5432/sitolo
PORT=3000
SMS_API_KEY=
```

Mzere woyamba ukunena komwe detabesi ili. `localhost` ndi kompyuta yomweyo, 5432 ndi poti yomwe PostgreSQL imamvetserapo mwachizolowezi, ndipo `sitolo` ndi dzina la detabesiyo. Wachiwiri ukunena poti yomwe pulogalamu itsegule. Wachitatu ausiya dala wopanda kanthu. README yabwino imafotokoza mzere uliwonse: kuti ndi wokakamiza kapena ayi, kuti kiyi ya mauthenga amaipempha kwa ndani ndiponso kudzera njira iti, komanso chomwe chimachitika ikasowa. Mwina pulogalamu imayenda ndithu koma mauthenga sapita, ndipo mlendo ayenera kudziwa zimenezo asanayambe kusaka vuto lomwe kulibe. Dzina la munthu mmodzi silokwanira pamenepa, popeza anthu amasiya ntchito. Ndi bwino kutchula udindo.

Pali ulesi wina womwe umaoneka ngati chifundo: kuika pasiwedi yeniyeni mu README kuti anzako asavutike. Git imasunga mbiri ya kusintha kulikonse, choncho kufufuta mzerewo mawa sikuchotsa chinsinsicho, chimatsalabe mu mbiri ya pulojekiti pa kompyuta ya aliyense yemwe anatenga khodi. Pasiwedi yomwe yalowa m'menemo iyenera kusinthidwa basi.

Kenako pamabwera malamulo enieni, olembedwa motsatana, oti munthu angowakopera mu teminali:

```
git clone <adiresi-ya-pulojekiti>
cd sitolo
nvm install
cp .env.example .env
createdb sitolo
npm ci
npm run migrate
npm run build
npm start
```

Atatu oyamba akutenga khodi, kulowa mu foda yake, ndi kusankha vesheni ya Node.js. Lachinayi likupanga `.env` kuchokera pa chitsanzo chija. `createdb` ikupanga detabesi yopanda kanthu, ndipo `npm run migrate` ikumangamo matebulo. Pakati pawo pali `npm ci`, yomwe imatsitsa malaibulale, kutanthauza zidutswa za khodi zolembedwa ndi anthu ena zomwe pulojekiti imadalira. Ambiri anazolowera `npm install`, koma `npm ci`, yomwe inabwera mu 2018, ili ndi ubwino wake: imatsatira ndendende mavesheni olembedwa mu `package-lock.json`, ndipo ikapeza kuti fayiloyo sikugwirizana ndi `package.json` imakana kupitiriza m'malo mosintha zinthu mwakachetechete. Sitepeyi imatha kutsitsa mamegabaiti mazanamazana, choncho ngati anzako ena amagwira ntchito ndi bando ya pa foni, kuwachenjeza ndi ulemu. Malamulo a `migrate` ndi `build` sabwera ndi npm. Ndi mayina omwe timu inadzilembera yokha mu `package.json`, ndipo timu ina ikhoza kuwatcha mwina.

Mzere womwe umakonda kusowa pa mndandanda wotere ndi `createdb sitolo`, chifukwa munthu amaulemba kamodzi kokha pa kompyuta yake n'kuiwala. Ukasowa, PostgreSQL imayankha kuti `database "sitolo" does not exist`. Uthenga umenewu ndi wosiyana ndi `ECONNREFUSED 127.0.0.1:5432`, womwe umasonyeza kuti pa poti imeneyo palibe chomwe chikumvetsera, kawirikawiri chifukwa PostgreSQL yeniyeniyo sinadzutsidwe. Wachitatu ndi woyamba ndi mawu akuti `relation` n'kutha ndi `does not exist`: detabesi ilipo, koma matebulo kulibe, ndiye kuti sitepe ya `migrate` yadumphidwa. Kwa katswiri kusiyanaku n'koonekeratu. Kwa mlendo onse atatu amangooneka ngati "detabesi yakana". Ndime yaifupi ya mavuto odziwika, yokhala ndi uthenga monga umaonekera pa sikirini ndi yankho lake pambali, imalola munthu kukopera mawu omwe akuona n'kuwasaka mu fayiloyo. Pamenepo payeneranso kukhala `EADDRINUSE`, womwe umatuluka poti 3000 ikakhala kuti pulogalamu ina yaigwira kale. Yankho lake ndi kutseka inayo kapena kusintha nambala ya `PORT`.

README zambiri zimathera pa `npm start`, koma zikatero zasiya funso lalikulu: munthu adziwa bwanji kuti zatheka? Fayiloyo inene poyera kuti atsegule `http://localhost:3000`, aona tsamba lolowera, ndipo itchule dzina ndi pasiwedi yoyeserera ngati ilipo. Ngati tsambalo limayamba lopanda katundu aliyense, inene kuti zimenezo si vuto, kapena ipereke lamulo lothiramo katundu wongoyeserera.

Kuwerenganso README sikuonetsa zolakwika zake, chifukwa maso a wolemba amadzaza okha mipata. Kuiyesa kwenikweni kumafuna kompyuta yoyera: laputopu yatsopano, kompyuta yongoyerekezera yomwe amaipanga mkati mwa ina, kapena bokosi la Docker lopanda kanthu. Munthu atsatire mzere ndi mzere osawonjezera chilichonse cha m'mutu mwake. Matimu ena amapereka ntchitoyi kwa mlendo aliyense: paliponse pomwe wakakamira, akonze README, ndipo kukonzako kukhale kusintha kwake koyamba kutumiza. Amene wakhala naye pafupi agwire manja ake. Akangomulanda kiyibodi n'kulemba lamulo losowalo, vuto latha kwa munthu mmodzi koma fayilo yatsala yolakwika.

Kuyesaku kumavumbulanso kusiyana kwa makompyuta. Lamulo la `cp` limagwira pa Linux ndi macOS, koma Command Prompt ya Windows imafuna `copy`, ndipo nvm ya pa Windows ndi chida china chomwe malamulo ake amasiyanako. README inene makompyuta omwe inayesedwapo, ndipo ngati timu yonse ya pa Windows imadutsira mu WSL, ilembe zimenezo pamwamba penipeni.

Vuto lotsala ndi kukalamba. Munthu akawonjezera chosintha chatsopano m'khodi, n'kuchiika mu `.env` yake koma osakhudza `.env.example`, palibe chomwe chimasweka tsiku lomwelo. Chimadzaonekera patapita miyezi, mlendo wina akabwera. Matimu amalimbana nazo m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kukana kuvomereza kusintha kulikonse kokhudza kakonzedwe ngati README sinasinthidwe limodzi nako. Yachiwiri ndi kusonkhanitsa masitepe onse mu fayilo imodzi ya malamulo, monga `Makefile` kapena `bin/setup`, yomwe makina oyesa khodi monga GitHub Actions amaiyendetsa pa kompyuta yoyera nthawi iliyonse munthu akatumiza kusintha. Sitepe ikasowa, makinawo amalephera tsiku lomwelo, ndipo chizindikiro chofiira chimaoneka pa kusintha komwe kwabweretsa vutolo.