Ndalama ya chaka chonse ikalowa tsiku limodzi

Tiyerekeze mwini jimu ina m'tauni. Umembala ndi K10,000 pamwezi, koma pakhoma wamata chikwangwani chakuti olipiriratu chaka chonse apereke K100,000 basi, miyezi iwiri ikhale ya banyira. Mu Januwale anthu 100 alipiriratu, ndipo m'akaunti mwalowa K10 miliyoni. Akadalipira mwezi ndi mwezi, Januwale yemweyo akadangolandira K1 miliyoni. Mpake kumwetulira: tsopano angathe kugula makina atsopano popanda kukagwada kubanki.

Koma ndalama imeneyi sanaigwirire ntchito. Ndi ngongole, kungoti adzaibweza ndi magetsi, madzi osamba, lendi ndi malipiro a aphunzitsi mpaka Disembala. Akauntanti wodziwa ntchito amailemba ngati ndalama yolandiriratu, ndipo mwezi ulionse amangotapako gawo limodzi mwa magawo 12, pafupifupi K8,333 pa munthu, n'kulitcha malonda a mweziwo. Mwini jimu akaiona K10 miliyoni yonse ngati yake n'kuithera pa makina mu Febuluwale, pofika Julayi jimu imakhala yodzaza anthu koma pakauntala palibe woponya ngakhale tambala. Kuno kwathu palinso vuto lina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wolipiritsa pamwezi akanatha kukweza mtengo mwezi wotsatira, pomwe amene anagulitsa chaka chonse anali womangika pa mtengo wakale mpaka mgwirizano uthe.

Nanga banyira wa miyezi iwiriyo amabweza? Yankho lili pa kuchuluka kwa anthu amene amasiya. Ngati mwa olipira pamwezi anthu 5 pa 100 alionse amaleka mwezi ulionse, pakutha pa chaka amatsala pafupifupi 54, ndipo tikagawa mofanana, munthu aliyense amakhala atalipira miyezi 9 ndi kachidutswa, ndalama yokwana ngati K92,000. Apa K100,000 ya chaka yapambana. Koma ngati osiyawo ndi awiri okha pa 100, munthu aliyense amabweretsa pafupifupi K108,000, ndipo kuchotsera kuja kwasanduka kutaya. Malire ake ndi miyezi 10. Chimene ambiri saona n'chakuti othamangira kulipira chaka si anthu okayikakayika ayi. Kawirikawiri ndi aja odzuka m'mamawa tsiku lililonse, amene akadakhalabe miyezi yonse 12 pa mtengo wathunthu. Aliyense wa iwowa wapatsidwa K20,000 kuti achite zimene akadachita kale.

Mbali imene imandichititsa chidwi kwambiri ndi ya khalidwe la wolipirayo. Akatswiri awiri a zamalonda, John Gourville ndi Dilip Soman, atafufuza kabweredwe ka mamembala a jimu ina, anapeza kuti olipiriratu chaka ankabwera kwambiri miyezi yoyamba, kenako n'kumazilala, pomwe olipira pamwezi ankabwera mosadukiza. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anagulapo chinthu chodula. Ndalama ikangotuluka kumene imawawa, ndipo munthu amati ndisaluze. Pakapita miyezi ululu uja umaiwalika, jimu n'kumaoneka ngati yaulere, ndipo kujomba sikupwetekanso. Wolipira pamwezi amatsinidwa mwezi ulionse, ndiye amakumbukira kunyamula nsapato zake.

Zotsatira zake zimaonekera tsiku lokonzanso mgwirizano. Wa pamwezi amadzifunsa kafunso kakang'ono ka K10,000 maulendo 12 pachaka, ndipo akasiya, mwini jimu amadziwa msanga kuti penapake pavunda. Wa pachaka amafunsidwa kamodzi kokha, koma funso lake ndi la K100,000, ndipo limamupeza mu Januwale, nthawi ya fizi ndi feteleza wobereketsa, atatha miyezi isanu osapondako. M'buku la mamembala dzina lake linali lamoyo chaka chonse, chonsecho mtima unachoka kale mu Ogasiti. N'chifukwa chake chiwerengero cha osiya mwa olipira pachaka chimaoneka ziro kwa miyezi 11, kenako n'kugwa ngati chipupa cha zidina zosawotcha.

Poyerekeza magulu awiriwa, musaike osiya a mwezi umodzi pambali pa osiya a chaka. Funsani kuti mwa anthu 100 amene anayamba limodzi, ndi angati alipirapo m'mwezi wa 13. Pa chitsanzo chathu chija, a pamwezi afika pamenepo ali cha m'ma 54. Ngati a pachaka okonzanso sakupitirira apo, banyira uja wangokugulirani ndalama yofulumira, osati makasitomala okhalitsa. Ndipo chizindikiro chimabwera chaka chisanathe: kaundula wa pakhomo. Membala wa pachaka amene sanasaine kwa milungu 6 ndi woti aimbiridwe foni mu Seputembala, osati kutumiziridwa uthenga wokumbutsa malipiro pa 28 Disembala.